Malire a kafukufuku wokhudza ana ndi nkhanza za m'banja

Kafukufuku wokhudza ana ndi nkhanza za m'banja ndi mtundu wa kafukufuku umene makomiti oteteza anthu ofufuzidwa amauunika mosamalitsa, ndipo nthawi zambiri amauza wofufuza kuti asinthe mutu kapena njira yake. Mfundo yaikulu ikuchokera m'Chikalata cha ku Helsinki, chimene chinalembedwa koyamba mu 1964 ndipo chakonzedwanso kangapo: anthu osatha kudziteteza, monga ana, afufuzidwe pokhapokha ngati yankho silingapezeke mwa anthu ena. Ku Malawi, gawo 19 la malamulo oyendetsera dziko limaletsa kuchita kafukufuku wa zachipatala kapena wa sayansi pa munthu asanavomere, ndipo makomiti ngati NHSRC ndi COMREC ndiwo amapereka chilolezo.

Vuto la chilolezo

Mwana wosakwana zaka 18 sangavomere payekha. Pamafunika chilolezo cha kholo kapena womulera, kenako mwanayo afunsidwe ngati akufuna, ndipo akakana sakakamizidwa. Pa nkhani ya nkhanza dongosololi limavuta, chifukwa wopereka chilolezoyo akhoza kukhala yemwe akuzunza mwanayo.

Mwachitsanzo, wophunzira wa ku yunivesite angafune kufunsa atsikana a Sitandade 7 pa sukulu imodzi za nkhanza zimene amakumana nazo kunyumba. Akafotokozera makolo mutuwo mosabisa, wozunzayo adzakana kapena adzaopseza mwanayo, ndiye zotsatira sizidzasonyeza zoona zake. Akalonjeza ana kuti asunga chinsinsi chonse, adzakhala atawanamiza, pakuti mwana akaulula kuti akugwiriridwa nkhaniyo iyenera kukafika kwa a zachitetezo cha ana kapena kupolisi. Kufufuta maina nakonso sikokwanira. Lipoti likanena za mtsikana wa zaka 13 amene akuleredwa ndi amalume ake m'mudzi wakutiwakuti, anthu a m'mudzimo adzamuzindikira.

Mmene kafukufuku wamkulu amachitira

Mu 2013 ku Malawi kunachitika kafukufuku wa dziko lonse wa nkhanza kwa ana ndi achinyamata a zaka 13 mpaka 24. M'kafukufuku wa mtunduwu atsikana ndi anyamata amafunsidwa m'madera osiyana, kuopa kuti wozunza ndi wozunzidwa angafunsidwe m'mudzi umodzi. Pakhomo amafunsa wachinyamata mmodzi yekha, poduka mphepo, ndipo woulula nkhanza amalumikizidwa ndi aphungu. Zimenezi zimafuna ndalama ndi antchito ophunzitsidwa bwino, zomwe wophunzira wofufuza yekha alibe.

Kusintha mutu

Pa chifukwa ichi, wophunzirayo amalangizidwa kusiya kufunsa ana n'kufufuza anthu akuluakulu amene amagwira ntchito ndi ana. Angafufuze zimene aphunzitsi amachita mwana akaulula nkhanza, kapena angasanthule ziwerengero zofalitsidwa kale. Njirayi ili ndi malire ake: imaonetsa nkhanza zokhazo zimene akuluakulu adazimva, pomwe zambiri ana saziulula kwa munthu aliyense.