Mawu amodzi osenza katundu wa atatu

Funsani mwana wa sukulu ku Kuku, kuno ku Lusaka, ntchito ya thiransifoma ya ZESCO ili pamtengo paja, adzakuyankhani kuti imachepetsa mphamvu ya malaiti. Mwanayo alibe mlandu. Vuto lili pa mawu oti mphamvu, amene tawasenzetsa zinthu zitatu: voteji, kalenti, ndi mphamvu yeniyeni yoyezedwa m'mawati.

Thiransifoma sionjezera mphamvu, ndiponso siichepetsa, kupatula pang'ono potayika ngati kutentha. Imangosinthanitsa: voteji ikatsika, kalenti imakwera. Owotcherera mageti ku Chawama ndi ku Kalingalinga amazidziwa ndi manja, poti ena makina awo amakulunga okha. Tinene kuti munthu wakulunga waya kokwana 230 pachitsulo, mbali yolowera mavoti 230. Pindo lililonse latenga voti imodzi. Mbali yotulukira akakulunga kokwana 46, apeza mavoti 46, chifukwa maginito odutsa m'mapindo onsewo ndi amodzi. Voteji yatsika kasanu, choncho maampu 30 olowa amatuluka pafupifupi 150. N'chifukwa chake waya wotulukira amakhala wonenepa. Akaika woonda, amanunkha vanishi wopsa ndodo isanathe.

Apa mawu athu akukwanira. Pindo ndi pindo, kukulunga ndi kukulunga, palibe chobwerekera. Koma voteji ndi kalenti ndimati tizibwereke basi. Ena amakonda "kukankha kwa magetsi", koma pamita ndi pachikwangwani cha makina palembedwa V ndi A, ndipo mwana akapita kukagwira ntchito adzakumana ndi zimenezo.

Pa AC ndiye pamafunika kusamala. "Magetsi osinthasintha" amamveka ngati obwera ndi kuthima, monga zinkachitikira mu 2024 madzi atachepa ku Kariba. Ine ndimati obwererabwerera, poti kalenti imapita n'kubwerera maulendo 50 pa sekondi. Zimene Michael Faraday anapeza mu 1831 n'zakuti voteji imabadwa m'koyilo pokhapokha maginito akusintha. Batire la sola limapereka kalenti yolowera kumodzi. Mukalilumikiza ku thiransifoma, maginito amakwera kamodzi n'kuima. Mita ya kotulukira imangogwedezeka polumikiza ndi pochotsa, pakatipo zii. Choipa kwambiri n'chakuti maginito akaima, koyilo yolowera ilibenso voteji yobweza imene imaletsa kalenti kuchuluka, ndiye waya amatentha mpaka kupsa. N'chifukwa chake pali inivetala, yomwe ntchito yake ndi kudula kalenti ya batire kuti izibwerera.

Mu 2014 boma linalamula kuti ana a giredi 1 mpaka 4 aziphunzira m'zinenero za kwawo, ku Lusaka kuno Chinyanja. Koma sayansi ya malaiti imabwera patsogolo, m'Chingerezi chokhachokha, ndiye mawu athu sanayesedwe pa nkhani ngati iyi. Olemba mabuku, asanapeke mawu muofesi, akadayamba akhala tsiku limodzi pambali pa wokulunga makina n'kulemba zimene amauza wophunzira wake akamawerenga mapindo.