Tokeni ya magetsi yogulidwa koma yosalowa mu mita

Tokeni ya magetsi ndi manambala 20 amene munthu amapatsidwa akagula mayunitsi a magetsi olipiriratu. Mayunitsiwo amafika panyumba pokhapokha manambalawo atayipidwa pa mita ndipo mita yawavomera. Tokeni yosalowa ndi imene ndalama zake zinalipiridwa koma mayunitsi ake sanaonekere pa mita. Ku Malawi matokeni amachokera ku ESCOM, ndipo ambiri amawagula kudzera pa Airtel Money, TNM Mpamba, kubanki kapena kwa maejenti.

Mmene tokeni imayendera

Mamita ambiri olipiriratu m'maiko a kum'mwera kwa Afrika amatsata dongosolo lotchedwa STS, limene linayambira ku South Africa. M'manambala 20 aja mumabisika kuchuluka kwa mayunitsi ndi mphindi imene tokeniyo inapangidwa. Zonsezi zimatsekedwa ndi kiyi ya mita imodzi yokha, ija nambala yake inaperekedwa pogula. Choncho munthu akatola lisiti ya mnzake panjira sangapindule nayo pa mita ya kwawo.

Mfundo imene ambiri saidziwa ndi yakuti uthenga umayenda mbali imodzi. Kompyuta ya kampani imapanga tokeni, munthu amainyamula pa pepala kapena pa foni, mita imailandira, koma mita wamba siyankhanso ku kampani. Wa mu ofesi amaona kuti tokeni yakuti inagulitsidwa tsiku lakuti, koma nthawi zambiri sangaone ngati inalowa. Imene imadziwa zimenezi ndi mita yokha. N'chifukwa chake kufufuza kumakhala ndi mafunso atatu otsatizana: kodi ndalama zinachoka, kodi tokeni inatuluka, nanga mita inaiona?

Kulondola ndalama ndi tokeni

Poyambira ndi pa umboni wa malipiro. Meseji ya pa foni kapena lisiti imakhala ndi nambala ya malipirowo, tsiku, nthawi, ndalama ndi nambala ya mita. Ngati ndalama sizinachoke mu akaunti, palibe chinagulidwa. Ngati zinachoka koma manambala 20 sanabwere, pali zinthu ziwiri zosiyana. Mwina tokeni inapangidwa ndipo yasowa ndi meseji yokha, monga zimachitikira netiweki ikavuta kapena foni ikadzaza. Apa wogulitsa kapena ofesi ya magetsi angathe kuitulutsanso pofufuza ndi nambala ya mita. Tokeni yotulutsidwanso ndi yomwe ija, si yatsopano. Mwinanso malipiro anaima panjira asanafike ku kompyuta yopanga matokeni, ndipo nkhaniyo ndi ya kampani ya foni kapena banki imene inatenga ndalama, chifukwa kumagetsi kulibe chimene chinalembedwa.

Nambala ya mita ya pa lisiti iyenera kufaniziridwa, nambala imodziimodzi, ndi yolembedwa pa mita yeniyeniyo. Pa nyumba za lendi, pamene mamita angapo amakhomedwa malo amodzi, n'zosavuta kugulira mita ya nyumba yoyandikana. Tokeni yotere si yabodza: ndi ya mwini wina. Njira yachidule imakhala kugwirizana ndi mwini mitayo kuti ailowetse ndi kubweza ndalama, pakuti kampani imavutika kutsimikiza kuti tokeniyo sinagwiritsidwe kale ntchito.

Kufunsa mita

Tokeni ikapezeka, njira yodziwira zoona ndi kuitayipanso. Izi siziwononga kanthu, chifukwa mita siilandira tokeni kawiri. Ndi bwino kulemba mayunitsi amene akuoneka musanatayipe, ndi kuyang'ananso pambuyo pake. Mawu a pa galasi amasiyana malinga ndi amene anapanga mita, ndipo ena amangoonetsa chizindikiro kapena nambala, koma mayankho ofala ndi anayi.

Mita ikalemba Accept ndipo mayunitsi awonjezeka, ndiye kuti tokeniyo inali isanalowe, ndipo tsopano yalowa. Ikalemba Used, inalowa kale, kaya analowetsa ndi wina wa m'banjamo osanena. Ikalemba Reject, manambala sakugwirizana ndi kiyi ya mitayo: mwina nambala ina yatayipidwa molakwika, mwina tokeni ndi ya mita ina, kapena inapangidwa ndi kiyi imene mitayo ilibe. Kubwerezabwereza manambala okanidwa sikuthandiza, ndipo mamita amayamba kuchedwetsa munthu akakanidwa kangapo motsatizana. Yankho lachinayi ndi Old, ndipo lafotokozedwa m'munsimu.

Palinso mamita ogawika pawiri: mita ili pa polo kapena m'bokosi kunja, ndipo m'nyumba muli kachipangizo ka mabatani kokha. Kachipangizoka kakalephera kulumikizana ndi mita, manambala amaoneka pa galasi ngati apita koma sanafike. Mitundu imene imatumiza uthenga kudzera m'mawaya a magetsi imafuna kuti kachipangizoko kalowetsedwe mu soketi ya pakhoma yoyatsidwa, ndiponso kakhale ndi mabatire amoyo ngati mayunitsi atheratu. Ngati dera lonse lazimitsidwa, mita payokha imakhala yozima, ndipo tokeni iyenera kudikira magetsi abwere.

Kodi tokeni imatha ntchito?

Tokeni ilibe tsiku lothera monga mankhwala, komabe singadikire mpaka kalekale. Mita imasunga nthawi za matokeni amene inalandira, osachepera 50, ndipo malo akadzaza imafufuta yakale kwambiri kuti ilembe yatsopano. Ikabwera tokeni yopangidwa kale kuposa zonse zimene mita ikukumbukira, mita singadziwe ngati inailandirapo, choncho imaikana ndi mawu akuti Old.

Mwachitsanzo, banja lagula mayunitsi 40 pa 3 Malichi, meseji osabwera, ndipo poti kunja kwada lagulanso ena kwa ejenti n'kulowetsa. Patapita masabata atatu lakatenga tokeni yoyamba ija ku ofesi. Mita ikuonetsa 6.2, atatayipa yalemba Accept n'kuonetsa 46.2. Kulowetsa matokeni atsopano poyamba sikunaononge wakaleyo. Koma ngati banjalo limagula kawiri pa sabata ndipo mita yake imasunga 50, pakatha masabata 25, pafupifupi miyezi isanu ndi umodzi, tokeni ya pa 3 Malichi idzakhala itatsalira m'mbuyo. Amene amagula pang'onopang'ono tsiku lililonse, monga ambiri amachitira m'matauni, nthawi imeneyi imawathera miyezi iwiri isanakwane. Dziwani kuti Old satanthauza kuti tokeni sinalowe. Amangotanthauza kuti mita yaiwala, ndipo apa umboni umavuta kwa onse awiri, wogula ndi kampani.

Kusintha kwa kiyi mu 2024

Mphindi za m'tokeni zinkawerengedwa kuyambira pa 1 Januwale 1993, ndipo malo ake owerengera anali oti adzaza pa 24 Novembala 2024. Pofuna kupewa vutoli, makampani otsata STS anapereka matokeni apadera osinthira kiyi, kawirikawiri awiri a manambala 20, kuti mita iyambe kuwerengera kuchokera mu 2014. Tokeni yogulidwa ndi kiyi yakale siilowa pa mita yosinthidwa, ndipo ya kiyi yatsopano siilowa pa mita yosasinthidwa. Amene wapeza lisiti yokhala ndi matokeni atatu ayenera kuwalowetsa motsatira mmene alembedwera, awiri osinthira kiyi poyamba, kenako wa mayunitsi. Amene ali ndi tokeni yakale yotsalira apite nayo ku ofesi ya magetsi pamodzi ndi lisiti, nambala ya mita ndi chithunzi cha galasi chojambulidwa pamene mita inali kuikana.