Mafunso ndi Mayankho: Kodi Chimbuuzi cha pa Nkhope Chinayamba ndi Yani?

FUNSO: Bambo Mkonzi, ndili ndi foda yodzaza zithunzi za pamsewu ndipo andiuza kuti ndiphimbe nkhope ndi manambala a galimoto ndisanazitulutse. Mnzanga akuti mwambowu unayamba ndi Google, ndiponso kuti chithunzi chikachita chimbuuzi palibe angachibweze. Nzoona? Wojambula, Zomba.

YANKHO: Achimwene, mnzanuyo waphonya pawiri ponse. Kubisa nkhope n'kwakale kuposa kompyuta. Kalekale, m'nthawi ya zithunzi zotsuka m'chipinda chamdima, anyuzipepala ndi olemba mabuku a zachipatala ankangomata kachidutswa kakuda pa maso a munthu. Kachidutswako, kunena zoona, kankangonamiza alendo. Mayi ake a munthuyo akamuzindikirabe poona mphumi ndi makutu.

Chimene Google inachita ndi kupatsa makina ntchitoyi. Street View inayamba mu 2007 ku Amereka nkhope zili poyera, anthu anadandaula, ndipo mu 2008 kampaniyo inayamba kuziphimba ku Manhattan, kenako manambala a galimoto. Makinawo changu chake chinapyola: mu 2016 anthu anafa ndi phwete ataona ng'ombe ya ku Cambridge, ku Mangalande, itaphimbidwa nkhope ngati mboni ya kukhoti.

Tsono tifike pa bodza lachiwirilo, limene ine ndimalikonda kwabasi. Mu 2007 apolisi a Interpol anali ndi zithunzi pafupifupi 200 za mwamuna wina yemwe ankachitira ana nkhanza ku Vietnam ndi ku Cambodia. Mkuluyu anali atapotokola nkhope yake pa kompyuta mpaka kuoneka ngati madzi ozungulira pa dziwe, n'kumayesa kuti wathana nazo. Koma kupotokola sikufafaniza kanthu. Timadontho tonse topanga chithunzicho timakhala tilipobe, tangosunthidwa malo motsatira masamu odziwika. Akatswiri a polisi ya ku Jeremani anangopotokolera mbali inayo, nkhope n'kubwerera: mphuno, maso, tsitsi lothothoka pamphumi. Interpol inafalitsa chithunzicho mu Okutobala, ndipo pasanathe milungu iwiri mwamunayo, mphunzitsi wochokera ku Canada, anamangidwa ku Thailand. Ine ndimati analandira zomuyenera. Koma dziwani kuti njira imene inagwira chigawengayi ingathenso kuulula mwana wosalakwa amene inu mwamubisa mwaulesi.

Mwina muti, nanga kuphimba ndi timabokosi ting'onoting'ono? Itoto timatayadi zina, chifukwa bokosi lililonse limasanduka mtundu umodzi. Komabe pa nambala ya galimoto n'tofooka. Tiyerekeze nambala ya zilembo ziwiri, monga BT kapena LL, ndi manambala anayi. Munthu akangoganizira zilembozo molondola, zatsala ndi njira 10,000 zokha, kuyambira 0000 mpaka 9999. Kalembedwe ka pa chitsulocho n'kodziwika kale. Choncho safunika kubweza chilichonse. Amangouza kompyuta kuti ilembe nambala iliyonse, iiphimbe ndi timabokosi ta saizi yomweyo, n'kuona imene yafanana ndi yanuyo. Kwa kompyuta imeneyo ndi ntchito ya kanthawi kochepa.

Ndiye pa foda yanuyo chitani chonchi. Koperani zithunzi zonse mu foda ina, zoyambirira musazikhudze. Pulogalamu yosaka nkhope ikuthandizeni, koma kenako tsegulani chithunzi chilichonse muone ndi maso anu, chifukwa makina amadumpha woyang'ana kumbali, wokhala pamthunzi, mwana wa kumbuyo kwa amayi ake, nkhope yoonekera pa galasi, ndiponso nambala yolembedwa ndi penti pa thupi la lole. Pamene pakufunika kubisa zenizeni ikanipo bokosi lakuda bii, losaonekera mkati, lopitirira mpaka makutu ndi chibwano. N'lonyansa, inde, koma pansi pake sipatsala kadontho.

Chotsala ndi chobisika. Chithunzi chimanyamula zolembedwa zotchedwa EXIF: tsiku, mtundu wa kamera, kawirikawiri malo enieni amene munaima, ndipo nthawi zina kachithunzi kakang'ono ka choyambirira chija, kamene mapulogalamu ena amakasiya kosaphimba. Ngati foda yanu ndi `zotulutsa`, ExifTool imachotsa zonsezi motere:

```
exiftool -all= -overwrite_original zotulutsa
```

Mukapanda kulemba `-overwrite_original`, pulogalamuyo imasunga fayilo yakale ya chithunzi chilichonse, dzina lake lothera ndi `_original`, m'foda momwemo, EXIF yake ili yonse. Mukatero muchotse mafayilo akalewo musanatumize fodayo kwa osindikiza.