Kalembedwe ka Mauthenga Owerengera Masiku Otsala Kuti Ramadhani Iyambe

Mauthenga owerengera masiku ndi mndandanda wa mawu afupiafupi omwe amaperekedwa tsiku ndi tsiku kumapeto kwa mwezi wa Shabani. Amatha kuwerengedwa mumzikiti pambuyo pa swala, kuulutsidwa pawailesi kapena kutumizidwa pafoni. Uthenga uliwonse umakhala ndi zigawo zitatu: chikumbutso, duwa yayifupi, ndi mawu otsekera omwe amatchula masiku otsala. Mwa zitatuzi, chomwe chimalakwika kawirikawiri ndi chachifupi kwambiri chija, mawu otsekera, chifukwa ndi mmene muli nambala.

Vuto lake ndi lakuti tsiku loyamba la Ramadhani silidziwika mpaka mwezi utaoneka. Shabani imatha kukhala ndi masiku 29 kapena 30. Mwezi umayang'anidwa kumadzulo dzuwa likangolowa pa 29 Shabani. Ukaoneka, mawa lake ndi Ramadhani, ndipo ukapanda kuoneka, Shabani imakwanitsidwa masiku 30. Choncho munthu wolemba kuti "atsala masiku 10 kuti tiyambe kusala" walonjeza chinthu chomwe sichili m'manja mwake. Kuno ku Mulanje nkhaniyi ndi yoonekeratu. Chaka cha Chisilamu chimachepa ndi masiku pafupifupi 11 poyerekeza ndi chaka cha kalendala ya boma, n'chifukwa chake Ramadhani inayamba kumayambiriro kwa Malichi mu 2025 ndipo mu 2026 inalowa mu Febuluwale. Imeneyi ndi miyezi ya dzinja, pomwe mitambo imatha kuphimba phiri ndi thambo lonse kuchokera ku Chitakale mpaka ku Muloza. Anthu a kuno nthawi zambiri amadalira uthenga wa omwe auona kwina, mwina ku Mangochi kapena ku Salima, ukatsimikizidwa ndi mashehe ndi kulengezedwa pa Radio Islam.

Njira yabwino ndi kuwerengera tsiku loyang'ana mwezi, chifukwa limenelo limadziwika Shabani ikangoyamba. Tiyerekeze kuti 1 Shabani yagwa Lachiwiri. Pakadutsa masabata anayi, 29 Shabani idzagwanso Lachiwiri, ndipo madzulo a tsikulo ndi pomwe mwezi udzayang'anidwe. Wofuna mndandanda wa masiku 10 ayambe pa 19 Shabani, lomwe ndi Loweruka, ndi mawu akuti atsala masiku 10 kuti tiyang'ane mwezi. Lolemba pa 28 Shabani anene kuti latsala tsiku limodzi. Nambala zimenezi sizisintha, kaya mwezi udzaoneka Lachiwiri kaya ayi.

Nthawi yotumizira nayo imakhudza nambalayi. Tsiku la Chisilamu limayamba dzuwa likalowa, kotero uthenga wotumizidwa Loweruka pambuyo pa Magharibi uli kale mu 20 Shabani. Ndi bwino kusankha m'mawa pambuyo pa swala ya Subuhi, pomwe tsiku la Chisilamu ndi la pakalendala zikugwirizana. Nthawiyi ikuwakomeranso othyola tiyi ndi asodzi, omwe dzuwa likamatuluka amakhala ali kale pantchito.

Chikumbutso chikhale ndi nkhani imodzi yokha, yomwe munthu angaichite tsiku lomwelo, ndipo chiwerengeke mosapitirira theka la mphindi. Nkhanizo zisanjidwe potengera yomwe ikufuna nthawi yambiri. Yoyamba ndi ngongole ya swaumu ya chaka chatha, ya odwala, apaulendo ndi amayi omwe anali kumwezi. M'mazihabu ya Imamu Shafii, yomwe Asilamu ambiri a m'Malawi amatsatira, wochedwetsa ngongoleyi popanda chifukwa mpaka Ramadhani ina italowa amayenera kubwezabe masikuwo, komanso kudyetsa wosauka mudi imodzi ya chakudya pa tsiku lililonse. Mudi ndi muyeso wa manja awiri odzadza, wopitirira pang'ono theka la kilogalamu. Chikumbutso chimenechi chikabwera kutatsala masiku awiri, mayi wa ngongole ya masiku 7 sichimuthandizanso, chimangomudetsa nkhawa. Kunena zoona, malo ake enieni ndi kumayambiriro kwa Shabani, ndipo cha mumndandandawu chikhale chobwereza.

Uthenga wa pa 19 Shabani ukhoza kulembedwa motere.

Chikumbutso: "Abale ndi alongo, kodi muli ndi masiku a Ramadhani yapita omwe simunabweze? Awerengeni lero. Ngongole ya swaumu imaloledwa kubwezedwa ngakhale m'masiku ano otsiriza a Shabani. Ikani niya usiku uno, muyambe mawa."

Duwa: "E Allah, tipatseni mphamvu zobwezera zomwe zinatitsalira, chiritsani odwala athu, ndipo tifikitseni mu Ramadhani tili opanda ngongole kwa Inu. Amina."

Mawu otsekera: "Lero ndi 19 Shabani. Atsala masiku 10 kuti tiyang'ane mwezi, insha Allah."

Duwa ili pamwambayi ndi yolembedwa ndi mlembi, ndipo palibe choletsa kupempha Allah m'chilankhulo chathu ndi mawu athu. Cholakwika ndi kuiveka dzina lomwe si lake. Palibe duwa yotsimikizika kuchokera kwa Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) yomwe inaikidwira tsiku lachikhumi kapena lachisanu Ramadhani isanalowe. Mlembi asalembe kuti "duwa ya Suna ya lero", ndipo asalonjeze kuti woiwerenga kangapo adzalandira zakutizakuti. Akafuna kuika duwa yochokera mu Kurani kapena m'Hadisi, aiyang'ane m'buku, atchule pomwe yachokera, shehe aione isanatumizidwe. Uthenga wa pafoni umayenda mofulumira kuposa wokonza cholakwika.

Masiku apakati angatenge nkhani za kukhululukirana m'banja, kukonza gawo la Kurani lowerenga tsiku lililonse, ndi kuonana ndi achipatala kwa odwala shuga ndi omwe amamwa mankhwala pa nthawi yoikika. Nkhani ya niya isungidwire pafupi ndi mapeto, popeza m'mazihabu ya Shafii swaumu ya Ramadhani imafuna niya usiku uliwonse kusanache. Pa 28 Shabani chikumbutso chinene kuti nkoletsedwa kutsogoza swaumu ya tsiku limodzi kapena awiri pofuna kuchingamira Ramadhani, kupatula kwa wobweza ngongole kapena amene anazolowera kale kusala masiku ena monga Lolemba ndi Lachinayi.

Pa 29 Shabani pamafunika mauthenga atatu, onse olembedweratu. Wa m'mawa umangoti mwezi uyang'anidwa madzulo ano, anthu adikire chilengezo. Awiri enawo ndi a usiku, ndipo umatumizidwa umodzi wokha. Wina umati: "Mwezi waoneka. Usiku uno tikuyamba Tarawehi, ikani niya, dzukani kudya daku. Mawa Lachitatu ndi 1 Ramadhani." Winayo umati: "Mwezi sunaoneke. Mawa Lachitatu ndi 30 Shabani, sitisala. Tarawehi iyamba mawa usiku, swaumu Lachinayi." Dzina la tsiku lilembedwe ndithu, chifukwa mawu akuti "mawa" amasokoneza munthu yemwe foni yake inathima ndipo wautsegula uthengawo m'bandakucha.

Wotumiza mauthenga a usikuwu akhale munthu mmodzi wodziwika, wokhala ndi wailesi pafupi. Chithunzi cha mwezi cholandira pa WhatsApp kuchokera ku Saudi Arabia kapena kwa m'bale wa ku Joni sichilengezo cha Malawi, ndipo kudikira ola limodzi kuli bwino kusiyana ndi kudzutsa mudzi wonse kudya daku pa 30 Shabani. Ngati magetsi azima kapena netiweki yavuta, mawu omwewo awerengedwe mumzikiti pambuyo pa swala ya Isha, ndipo ana a madarasa awafikitse kwa okalamba omwe sanathe kubwera.