Kodi netiweki n'chiyani?

Ambiri timati netiweki ndi timizere ta pafoni tija. Injiniya wina, polankhula kwa ophunzira a kusekondale, anawongola maganizowa. Mawu akuti netiweki tinabwereka ku Chingerezi, ndipo tsinde lake ndi ukonde: nsanja, zingwe ndi makina olumikizana.

Iye anati mukaimbira azakhali a mudzi wa kutsidya, foni yanu silankhula ndi yawo mwachindunji. Imasandutsa mawu kukhala manambala, n'kuwatumiza pa mafunde a wailesi kunsanja yapafupi. Nsanjayo imawapititsa kumakina a kampani, amene amafufuza nsanja yomwe azakhaliwo ali pafupi nayo.

Timizere timangosonyeza mphamvu ya mafunde pakati pa inu ndi nsanja yanu. N'chifukwa chake timizereto titha kudzaza koma foni osalowa: mwina nsanja yawo yathima, kapena azakhali ali kuseri kwa phiri.