Kalembedwe ka uthenga wopempha mwininyumba kusuntha tsiku la lendi

M'mizinda ya Lilongwe, Blantyre, Zomba ndi Mzuzu, lendi ya nyumba kawirikawiri imaperekedwa kumayambiriro kwa mwezi, munthu asanagonemo masikuwo. Dongosololi limayenda bwino malipiro akamafika mwezi usanathe. Koma akayamba kutuluka pa 8 kapena pa 10, wochita lendi amakhala wangongole mwezi ndi mwezi ngakhale ndalama zake zili zokwana. Chomuchotsa m'vutoli ndi kupempha mwininyumba kuti tsiku lolipira lisunthe, ndipo yankho limadalira kwambiri mmene uthengawo walembedwera.

Mapempho awiri osayenera kusakanizidwa

Asanalembe chilichonse, wochita lendi ayenera kudziwa chimene akupempha. Pempho loyamba ndi lochedwetsa lendi mwezi umodzi wokha, chifukwa malipiro achedwa kamodzi. Lachiwiri ndi losintha tsiku mpaka kalekale, chifukwa tsiku lolandirira lasintha. Ambiri amalemba pempho loyamba pomwe vuto lawo ndi lachiwiri. Zotsatira zake n'zakuti amapepesa mwezi uliwonse, ndipo pofika kachitatu mwininyumba amayamba kuwaona ngati anthu osasunga mawu.

Njira yodziwira ndi kuyang'ana masiku amene ndalama zinalowa m'miyezi itatu yapitayo. Ngati zinalowa pa 7, pa 10 ndi pa 9, kuchedwako kwakhazikika. Tsiku lopempha liwerengedwe kuchokera pa tsiku lochedwetsetsa, kenaka pawonjezedwe masiku awiri, poti ndalama zotumizidwa kubanki Lachisanu madzulo nthawi zina zimaoneka Lolemba. Pachitsanzochi, tsiku loyenera ndi pa 12. Kupempha pa 8 pofuna kuoneka wabwino ndi kudzitchera msampha, chifukwa lonjezo lophwanyidwa limaipa kuposa pempho lalikulu.

Masiku apakati alipira ndani?

Funso limene mwininyumba amadzifunsa, ngakhale salitchula, ndi la masiku apakati. Tsiku likachoka pa 1 n'kufika pa 12, pali masiku 11 ofunika kudziwika mwini wake, ndipo pali njira ziwiri zowawerengera.

Njira yoyamba ndi yakuti mwezi wa lendi ukhale momwe unalili, kuyambira pa 1 mpaka kumapeto, koma ndalama ziziperekedwa pa 12. Apa wochita lendi sawonjezera kanthu, koma mwininyumba amakhala akukongoza masiku 11 mwezi uliwonse, ndipo ena sakondwera nazo.

Njira yachiwiri ndi yosuntha mwezi wonse kuti uziyamba pa 12 n'kutha pa 11 mwezi wotsatira, ndipo masiku apakati alipidwe kamodzi kokha. Ngati lendi ndi K150,000 m'mwezi wa masiku 30 monga Novembala, tsiku limodzi ndi K5,000, ndipo masiku 11 ndi K55,000. Wochita lendi amapereka K55,000 pa 1 Novembala, kenaka K150,000 pa 12, ndipo kuyambira pamenepo amakhala wolipiriratu monga kale. Mwezi woyambawo umalemera, poti wonse umadya K205,000, koma pempho lotere silikanika msanga chifukwa mwininyumba sataya ngakhale tambala.

Kusalaza uthenga

Uthenga woyamba kubwera m'mutu nthawi zambiri umakhala wotere:

"Bwana landilodi, pepani zinthu sizili bwino, kuntchito sanatipatsebe ndipo ana akufunika fizi. Mundimvetseko, ndikupatsani ikangopezeka."

Mawuwa ndi aulemu, koma alibe tsiku, alibe kuchuluka kwa ndalama, ndipo sakunena ngati vutoli ndi la mwezi uno wokha. Mawu akuti "ikangopezeka" amasiya mwininyumba m'malere, chonsecho naye mwina akudikira ndalama yomweyo kuti alipire ngongole yakubanki, msonkho wa khonsolo kapena sukulu ya ana ake. Kutchula fizi kumaipitsanso pempho, chifukwa kukusonyeza kuti ndalama zikafika lendi idzapikisana ndi zofunika zina.

Uthenga womwewo utasalazidwa umamveka motere:

"Mwaswera bwanji, bambo? Ndine wa nyumba yakumbuyo ija. Ndili ndi pempho pa nkhani ya tsiku la lendi. Kwa miyezi itatu tsopano malipiro athu akumatuluka pakati pa 7 ndi 10, ndiye ndikupempha kuti kuyambira Novembala ndizilipira pa 12 m'malo mwa pa 1. Kuti pasakhale masiku otayika, pa 1 Novembala ndidzatumiza K55,000 ya masiku 11 apakatiwo, ndipo pa 12 ndidzatumiza K150,000 yonse pa Mpamba monga mwa nthawi zonse. Ngati dongosololi silikukomerani, ndine wokonzeka kumva maganizo anu. Ndingathokoze mutandiyankha lisanafike Lachisanu. Zikomo kwambiri."

Kusiyana kwake kuli poyera. Chifukwa chaperekedwa m'chiganizo chimodzi, ndipo n'chotsimikizika ngati mwininyumba atafuna kuona umboni. Tsiku ndi ndalama zalembedwa m'manambala. Mawu akuti "ndikupempha" asunga ulemu, pomwe akuti "ndidzatumiza" aonetsa kutsimikiza. Kupepesa kobwerezabwereza kwachotsedwa, poti pempho lofika nthawi yabwino silifuna kupepesa kwambiri. Mwininyumba akakhala wachizimayi, "mayi" amalowa m'malo mwa "bambo", ndipo mawu ofupikitsa a pafoni amene achinyamata amalemberana sayenera kuonekamo.

M'uthengamo musalowe madandaulo a denga lodontha kapena mpope wowonongeka. Ngakhale ali oona, akaphatikizidwa ndi pempho amamveka ngati chiopsezo chokana kulipira. Nkhani imeneyo ili ndi tsiku lake.

Nthawi ndi njira yotumizira

Uthenga utumizidwe kutatsala sabata imodzi kuti tsiku la lendi likwane. Wotumizidwa tsiku litadutsa sukhalanso pempho koma chodzikhululukira. Upite kwa munthu amene wochita lendi anagwirizana naye, kaya ndi mwiniwake kapena ejenti, osati kwa mwana kapena mlonda wapakhomo. Mwininyumba akakhala pampanda womwewo, kapena akakhala wachikulire, ndi bwino kuyamba kulankhula naye pamaso, uthenga wolembedwa n'kutsatira pambuyo. Kulembera pa WhatsApp munthu amene mumapatsana moni m'mawa uliwonse kumaoneka ngati kumuzemba.

Malire a pempho

Pempho silisintha pangano mpaka mwininyumba atavomera. Timizere tiwiri tabuluu tosonyeza kuti uthenga wawerengedwa si chilolezo, ndipo kukhala chete si kuvomera. Pakapita masiku awiri popanda yankho, wochita lendi aimbe foni. Chilolezo chikaperekedwa pakamwa, atumize mawu achidule otsimikiza, monga akuti: "Zikomo bambo, monga tagwirizana, K55,000 pa 1 ndi K150,000 pa 12." Ngati pali pangano lolembedwa lotchula tsiku ndi chindapusa cha kuchedwa, kusinthako kulembedwe papepala ndipo onse awiri asayine.

Mwininyumba akakana, pamatsala njira yapakati: theka la lendi pa 1 ndi theka linalo pa 12. Kumene lendi imalipidwa ya miyezi itatu nthawi imodzi, wochita lendi angapemphe kupereka ya mwezi umodzi pa tsiku lakale, yotsalayo pa tsiku latsopano. Chilichonse chimene chagwirizanidwa, malipiro oyamba a dongosolo latsopano afike pa tsiku lake, ndipo uthenga wotsimikiza wa Airtel Money, Mpamba kapena banki usungidwe pamodzi ndi yankho la mwininyumba.