Kulembetsa ndi kulembetsedwa

Omasulira ambiri akakumana ndi mawu a pafoni akuti Unsubscribe amathamangira kulemba "kusiya". Ine ndimakana, chifukwa mawu akuti "kusiya" amaluzitsa anthu ndalama.

Ku Chama anthu ambiri a Airtel, MTN ndi Zamtel sasayina pangano la mwezi ndi mwezi. Amagula tokotayimu ndi mabandulo, ndipo zokakamira zimalowera pomwepo. Tinene kuti mlimi wa mpunga wagula bandulo, n'kupatsidwa nyimbo yoti omuimbira azimva, yaulere kwa masiku angapo. Masikuwo akatha, makina amayamba kudula, tinene K1 patsiku. Mlimi uja afufuta uthenga umene kampani inamutumizira, nati wasiya. Koma kufufuta uthenga sikuchotsa nambala yake m'kaundula wa kampani. Ngakhale akhale sabata yonse wopanda tokotayimu, nthawi zambiri makina amangodikira, ndipo tsiku limene waika K10 amapeza K9 asanaimbire aliyense.

Kusiya ndi kwa mumtima, kampani sikuona. Chofunika ndi kudzichotsa: kutumiza lamulo limene lili mu uthenga woyamba uja, kapena kuimbira kampaniyo, kenako kudikira uthenga wotsimikiza. Ngati sunabwere, zimitsani intaneti, musaimbe, muone ndalama zotsala madzulo ndiponso mawa lake. Zikachepa, dzina likadalimo. Kampani ikapanda kuthandiza, dandaulo limapita ku ZICTA.

Kubanki nkhani imakula. Inshuwalansi ya maliro kapena mauthenga odziwitsa za ndalama zikabwera pamodzi ndi akaunti, pali zinthu ziwiri zosiyana: kudzichotsa pa chowonjezeracho, ndi kuthetsa pangano lonse potseka akaunti. Funsani ngati mtengo wake uli paokha, chifukwa ukasakanizidwa ndi chindapusa cha mwezi, kudzichotsa sikuchepetsa kanthu kufikira mutasintha mtundu wa akaunti. Mu 2018 Banki Yaikulu ya Zambia inaletsa zindapusa zingapo zosayenera, koma chimene munthu anasayinira yekha pafomu chimapitirira kudulidwa.

Ena amati tingobwereka "sabusikiripishoni". Sindidana ndi mawu obwereka, tokotayimu ndi bandulo anakhazikika kale. Koma apa chinenero chathu chikuposa Chingerezi. Kachidutswa ka -edwa kamasiyanitsa wolembetsa yekha ndi wolembetsedwa, ndipo dandaulo lonse lagona pa kusiyana kumeneko. Mawu obwerekawo amakwirira funso lakuti anayambitsa ndani.

Nanga kampani ilembe m'chinenero chiti? Chinyanja ndi chimodzi mwa zinenero 7 zimene boma linasankha, ndipo ndicho cha chigawo cha Kum'mawa, kumene Chama inabwerera mu 2021 itakhala ku Muchinga kuyambira 2011. Koma pamsika wa Chama mumamveka Chisenga, chachibale ndi Chitumbuka. Ndikanakonda lamulo losavuta: chinenero chimene kampani yakopera munthu pawailesi, uthenga wodzichotsera ubwerenso m'chomwecho.